Nkhani ya pampu yodontha, ndi kalata imene tinailemba katatu

Abale anga akuno kwa Nchilamwela, ndi inu amene muli ku Limbe, ku Lilongwe ngakhale ku Joni, lero sindikamba za mvula kapena mtengo wa feteleza ayi. Ndikufuna tikambirane za kadandaulidwe. Munthu ukagula katundu m'shopu, n'kukapeza kunyumba kuti ngwoonongeka, mwini shopuyo umamuuza bwanji kuti akumvere? Ife anthu akumudzi tili ndi njira ziwiri zokha, ndipo zonse n'zotayitsa ndalama. Ena timapita n'kukalalata pakhonde la shopu mpaka akabaza kusiya ntchito kudzaonerera. Ena timapita titapinda manja kumbuyo, kupepesa ngati olakwa ndife, n'kubwerako ndi katundu wathu yemweyo pamutu. Njira yachitatu ilipo, koma imafuna kukhala pansi ndi kusankha mawu ngati mmene timasankhira mbewu.

Nkhani yake ndi ya alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba. Iwowa amathyola tiyi ku esiteti, ndipo madzulo ndi Lamulungu akaweruka kutchalitchi amakhala kudimba, kumene ali ndi matimati. Amene mumalima matimati mwezi wa Okotobala mukudziwa kuti kukatentha kangaude wofiira uja ndi mbozi zoboola zipatso sizikupatsa tulo. Zaka zonsezi alamu ankabwereka pampu yopoperera mankhwala kwa anzawo, ndipo chinthu chobwereka mukuchidziwa, tsiku limene ukuchifuna mwiniwake nayenso akuchifuna. Ndiye anasunga pang'onopang'ono, n'kuonjezera ndi ya ku banki m'khonde ya akazi awo, mpaka Loweruka pa 11 Okotobala anakagula yawoyawo m'shopu ina ya zipangizo zaulimi pa Boma. Pampu yobereka kumsana, ya malita 16, pamtengo wa K68,000. Shopuyo sindiitchula dzina, ndipo musandifunse.

Mwayi wake, alamu ndi munthu wosamala. Mawa lake asanathire mankhwala anayamba adzazamo madzi okhaokha kuti aone mmene ikupopera. Atangoibereka n'kuyenda pang'ono, anamva kuzizira m'chiuno. Malaya onse kumsana ananyowa. Ataitsitsa n'kuipukuta bwinobwino ndi nsanza, anaona timadontho tikutuluka pamsoko wa pansi pa thanki, mbali imene imagunda msana.

Apa ndiime kaye, chifukwa musanalembe kalata iliyonse muyenera kudziwa ngati vuto lili la kufakitale kapena lanu. Pampu izi zimavuta m'malo angapo. Ikamakana kutulutsa mankhwala kukamwa kwa ndodo, kawirikawiri ndi zinyalala zatseka kabowo, ndipo limenelo si vuto la shopu, mumangomasula n'kutsuka. Ikamadontha polumikizira payipi, yambani mwamanga bwino, mwina kalabala kam'kati kanakhala mopendama. Mkono wopopera ukamangotsika wofewa osalimba, ndiye kuti labala wam'kati mwa pampu sakugwira mpweya, ndipo pa pampu yatsopano zimenezo n'zoti akukonzereni kapena akusinthireni. Koma thanki yodontha pamsoko, popanda pokalika kapena potiwizika posonyeza kuti inagwa, imeneyo inabadwa choncho. Komanso si yoti n'kupirira nayo. Madzi amene ananyowetsa malaya a alamu aja, akanakhala mankhwala a mbozi bwenzi akulowa pakhungu tsiku lonse.

Lolemba ataweruka anabwerera nayo ku shopu. Anapeza mnyamata wogulitsa, amene anangoti abwana kulibe, apita ku Limbe kukaoda katundu. Lachinayi anapitanso. Mnyamata yemweyo anawalozera chikwangwani chapakhoma chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, n'kuonjeza kuti mwina munaigwetsa panjinga. Mawu amenewa ndi amene anawapsetsa mtima alamu. Koma mnyamatayo, kaya chinali chisoni kaya kufuna kuti achoke, anawapatsa nambala ya foni ya abwana ake.

Lamulungu masana anabwera kwathu ndi mwana wawo wa Folomu 3 uja, foni ili m'manja. Anali atalemba kale uthenga wa pa WhatsApp, bambo akunena mwana akulemba, koma anati ndiyambe ndauona ine poti ndinakhalako mlembi wa kalabu yathu ya alimi. Uthengawo unali wotere:

"Iwe mkulu wa shopu ndiwe wakuba. Wandigulitsa pampu yakutha. Matimati anga onse atha chifukwa cha iwe. Ubweze ndalama zanga lero lomwe apo ayi uona polekera. Ndikakunenera kupolisi ndipo Thyolo yense adziwa kuti umagulitsa zinyalala."

Kunena zoona, ndinawamvetsa. K68,000 kwa munthu wothyola tiyi ndi makilo angati a masamba, kuyambira m'bandakucha mame ali thoo? Koma ndinawafunsa funso limodzi. Ndinati alamu, inu mutakhala mwini shopu, muli ku Limbe pakati pa phokoso, uthenga uwu walowa kuchokera pa nambala yosaidziwa, mungadziwe kuti pampu yake ndi iti? Anakhala chete. Muuthenga monsemo munalibe tsiku limene anagula, munalibe mtengo, munalibe dzina lawo, ngakhale chimene chavuta pa pampuyo sichinatchulidwe. Mawu oti yakutha satanthauza kanthu kwa wogulitsa. Munthu uja akanawerenga mawu oyamba okha, oti wakuba, n'kutseka nambalayo basi.

Palinso china. Mwini shopu sanaumbe pampuyo. Anaigula m'katoni kwa oodetsa, ndipo n'kutheka kuti sanaitsegule n'komwe. Ukamutcha wakuba, wamupatsa mlandu wina woti ayankhe, ndipo mlandu umenewo ngwosavuta kuti awine, chifukwa sanabe. Nkhani imachoka pa thanki yodontha n'kupita pa kutukwanana, ndipo pamapeto pake wopepesa umakhala iwe. Chimodzimodzi zoti matimati onse atha. Ine ndinali nditadutsa kudimbako dzulo lake, matimati analipo, kungoti kangaude anali atayamba masamba am'munsi. Bodza laling'ono ngati limenelo likagwidwa, zoona zako zonse zimasanduka zokayikitsa. Za polisi nazo, apolisi akanangowauza kuti nkhani ya malonda kakambiraneni. Kuopseza ndi chinthu chimene sungachite kuli ngati kuponya mwala wako womaliza m'madzi galu asanafike.

Tili pompo akazi awo a alamu, amene anali kukhitchini ndi mayi akunyumba, anatulukira n'kunena kuti iwo anawauza kale abambowa kuti asatukwane. Munthu ameneyu ndi yemwe amatikongoza mbewu nthawi zina, ndipo pafupi pano shopu yokhala ndi mankhwala enieni a matimati ndi yomweyo, tikadana naye tizikagula kuti? Mfundo yawo inali yoona ndithu. Ndiye anati mwanawe fufuta, lemba izi:

"Pepani bwana kukuvutitsani. Kapampu tinagula kaja kakuoneka ngati kakuvutako pang'ono. Ngati n'kotheka mukapeza mpata mutithandizeko. Koma ngati sizingatheke palibe kanthu. Ambuye akudalitseni."

Abale, uwu ndi umene ndikufuna tiuyang'ane bwino, chifukwa ndi mmene ambiri a ife timalankhulira tikaima pamaso pa munthu wa ndalama. Tinaleredwa choncho, ndipo kuno ku maesiteti zinachita kutilowa m'magazi, makolo athu ankavula chipewa patali poona kapitawo. Ulemu si woipa. Koma taonani zimene Chichewa chathu chachita mu uthengawu. Pampu ya K68,000 yasanduka kapampu. Kudontha kwasanduka kuvutako pang'ono, ndiponso kukungooneka ngati. Kenaka kempho lenileni palibe, pali mutithandizeko, ndipo ka "ko" kakumapetoko kamatanthauza kuti ngakhale pang'ono pokha tilandira. Munthu akhoza kukupatsa kalabala ka K500 n'kunena kuti wakuthandizako. Mukapeza mpata ndiye kuti tsiku asankhe yekha, ndipo wamalonda mpata saupeza. Pomaliza mwamulembera nokha yankho lake, loti palibe kanthu. Iye angoyankha kuti zikomo mayi tiona, nkhani n'kuthera pomwepo, aliyense ali ndi ulemu wake, pampu ikudonthabe.

Komanso pepani uja. Pepani ndi mawu abwino pamaliro, kapena ukaponda mnzako phazi mu minibasi. Koma ukayamba nawo kalata yodandaula, wavomera kuti wosokoneza mtendere ndiwe. Alamu sanalakwire munthu. Anapereka ndalama zathunthu, zosadontha.

Ndiye tinatenga kope la mwana uja, tsamba lapakati, n'kuyamba kulemba ndi bolopeni tisanakhudze foni. Ndimakonda choncho chifukwa pa foni chala chimathamanga kuposa mutu. Ndinawauza kuti ulemu wonse tiuike pa munthuyo, kulimba konse tikuike pa nkhaniyo. Munthuyo timutchula inu, timupatsa moni, sitimuganizira zoipa. Koma tsiku, mtengo, chilema cha pampu, chimene tikufuna ndi tsiku loti chichitike, zimenezo tizilemba mosapinda, popanda ka "ko" kapena ngati n'kotheka. Titafufuta kangapo, inatuluka iyi:

"Bambo, ndikhulupirira muli bwino. Ine ndine kasitomala wanu wochokera kwa Nchilamwela, amene ndimagula mbewu ndi mankhwala a matimati m'shopu mwanu. Loweruka pa 11 Okotobala ndinagula kwa inu pampu yopoperera mankhwala ya malita 16 pamtengo wa K68,000, ndipo lisiti ndili nalo. Mawa lake nditaiyesa ndi madzi okha, ndinapeza kuti thanki ikudontha pamsoko wapansi, mbali yakumsana. Sindinathiremo mankhwala, sinagwe, ndipo sindinayese kuimata kapena kuimasula. Ndinabwera nayo ku shopu Lolemba pa 13 ndi Lachinayi pa 16 koma sindinakupezeni. Ndikudziwa kuti pampuzi simupanga ndinu ndipo mumazilandira zili m'makatoni, n'chifukwa chake ndati ndikudziwitseni inuyo mwini wake. Pempho langa ndi lakuti mundisinthire ndi ina yamtundu womwewo yosadontha. Ngati ina palibe, mundibwezere K68,000 yanga. Matimati anga afika pofunika kupopera sabata ino, choncho ndibwera nayo Loweruka pa 25 Okotobala 2 koloko masana, pamodzi ndi katoni yake ndi lisiti. Ngati tsikulo simudzakhalapo, chonde muuzireni mnyamata wanu zoti adzachite. Ndatumiza chithunzi cha lisiti ndi kanema woonetsa podonthapo. Zikomo."

Pansi pake anaika dzina lawo lonse ndi mudzi.

Tsopano ndifotokoze chifukwa chimene mawu ena alili mmene alilimo, poti tinakangana nawo ndithu. Alamu ankafuna kuti tiyambe ndi bwana. Ine ndinakana. Bwana ndi wa ku esiteti amene amakulemba ntchito. Uyu ndi munthu amene mwamupatsa ndalama zanu, ndipo bambo ndi ulemu wokwanira pakati pa akuluakulu awiri. Akanakhala mayi tikanati mayi. Mawu oti achimwene kapena akulu ndi abwino pocheza, koma m'kalata ngati iyi amafewetsa nkhani, munthu amayamba kukuyankha ngati m'bale woti amvetsa.

Chachiwiri, taonani kuti paliponse pamene patchulidwa vuto, wochita ndi pampu, osati munthu. Thanki ikudontha. Sitinalembe kuti mwandigulitsa chinthu chodontha, ngakhale kuti n'zoona. Kusiyana kwake n'kwakuti mawu oti mwandigulitsa amaloza chala pamphuno, ndipo munthu ukamuloza chala amayamba kudziteteza asanamve n'komwe. Pomwe thanki ikudontha ndi chinthu choti tonse awiri tikhoza kuima n'kuchiyang'ana limodzi. Ndipo chiganizo chija choti pampuzi simupanga ndinu, alamu ankati n'kumunyengerera. Ayi. Kumeneko n'kumutsegulira khomo loti atulukire osachita manyazi. Akhoza kusintha pampuyo popanda kuvomera kuti ndi wachinyengo, iyenso n'kukaibweza kumene anaoda. Wamalonda amaopa kuluza ndalama, koma amaopanso kwambiri kuoneka wogonja pamaso pa antchito ake.

Chachitatu ndi chiganizo chimene ine ndimachiona chofunika kuposa zonse: sindinathiremo mankhwala, sinagwe, sindinayese kuimata. Musanalembe, khalani pansi muganize zimene wogulitsa adzanene pokana, ndipo muziyankhiretu. Mnyamata uja anali atanena kale za kugwetsa, ndiye tinadziwa kuti abwana ake adzayambira pomwepo. Apa ndichenjeze anzanga okonda kukonzakonza. Mnzathu wina atamva nkhaniyi anati bweretsani tiotche pulasitiki ya chigubu timatepo, mphindi zisanu yatheka. Mukangotero mwaigula kachiwiri. Palibe shopu imene ingalandire katundu woti mwamuotcha, mwamumata guluu kapena mwamutsegula ndi sipanala, ndipo pamenepo sindingawanene. Chimodzimodzi mukathiramo mankhwala n'kupopera munda wonse kenaka n'kubweza. Katundu woonongeka musiyeni mmene mwamupezera, m'katoni mwake, ndi timapepala take tonse.

Koma lembani zimenezi pokhapokha zili zoona. Ngati inagwadi panjinga, kalata iyi si yanu.

Pa pempho, tinaika zinthu ziwiri zokha motsatana, kusintha kapena kubweza ndalama. Alamu ankafuna tionjezere ndalama ya kabaza maulendo awiri aja, ndi ya matimati amene kangaude wawononga. Ndinati zisiyeni. Si kuti sizikupweteka, koma mukaunjika zambiri mumamupatsa munthu pokanira. Adzayamba kutsutsa za kabaza, mudzatha ola mukukangana za K3,000, za pampu n'kuiwalika. Ndipo tinayamba ndi kusintha osati ndalama chifukwa wamalonda kutulutsa ndalama m'kabati kumamuwawa kuposa kutulutsa katoni ina pashelefu. Komanso alamu chimene ankafuna ndi pampu. Mmene mitengo ikuthamangira chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023, ukalandira ndalama yako lero, mwezi wamawa siigulanso chinthu chomwecho.

Tsiku nalo tinasankha mosamala. Lero lomwe la mu uthenga woyamba lija n'losatheka, munthu ali ku Limbe. Mukapeza mpata la uthenga wachiwiri n'lopanda malire. Tinamupatsa masiku asanu ndi limodzi, n'kutchula tsiku ndi ola, ndiponso chifukwa chake, kuti aone kuti changu chathu si chamwano koma cha matimati. Ndipo sitinafunse kuti kodi ndibwere liti. Tinati ndibwera. Mawu amenewa ndi aulemu bwinobwino, koma akusonyeza kuti ulendo ulipo kale, chatsala n'chakuti iye akonzeke. Chiganizo chonena za mnyamata chija chinali chotseka kabowo ka abwana kulibe, kamene kanatidyera kale maulendo awiri.

Za lisiti ndinenepo pang'ono. Malisiti a makina awa, a pepala loterera, amafufutika okha, makamaka ukawasunga m'thumba la malaya thukuta lili kamukamu kapena padzuwa. Pakatha miyezi iwiri umangopeza pepala loyera. Lijambuleni pa foni tsiku lomwelo. Ndipo potumiza kapena posiya kalata, perekani chithunzi, lenilenilo likhale ndi inu mpaka nkhani ithe. Ngati sanakupatseni lisiti koma munalipira pa foni, uthenga wa ndalama uja musaufufute, uli ndi tsiku, ola ndi ndalama zake. Kanema naye tinajambula wamfupi, mwana uja atagwira foni, alamu akupukuta pamsoko ndi nsanza youma, madontho n'kumatulukanso. Tinazunguliranso thanki yonse kuti aone kuti palibe pokalika.

Mwina wina afunsa kuti nanga chikwangwani chija, choti katundu akagulidwa sabwezedwa? Anthu ambiri timachiopa ngati ndi lamulo la boma. Si lamulo, ndi pepala limene mwini shopu anamata yekha. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la chaka cha 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda limene linakhazikitsidwa mu 1998 n'kulembedwanso mwatsopano mu 2024. Bungwe la boma loyang'anira zimenezi, la Competition and Fair Trading Commission, limene pawailesi amangoti CFTC, lakhala likuchenjeza amalonda kuti n'kulakwira lamulo kukana udindo pa katundu woonongeka pobisala kuseri kwa zikwangwani zoterezi, ndipo limalandira madandaulo a ogula. Palinso bungwe la CAMA lija la a John Kapito, lolankhulira anthu ogula. Koma tisapitirire muyeso. Zimenezi zikunena za katundu wachilema. Ngati wagula pampu yabwinobwino kenaka wakaona yotchipa ku Bvumbwe, kapena akunyumba akukalipira kuti ndalama inali ya fizi, pamenepo wogulitsa akakana usamunenere zoipa.

Nanga bwanji sitinazitchule m'kalatamo? Dala. Kalata yoyamba imapita ngati kwa munthu amene ukukhulupirira kuti achita chilungamo akangomva bwino nkhani. Ukayamba ndi malamulo ndiye kuti wamuweruza kale kuti akana. Za CFTC tinazisunga m'thumba kuti zidzatuluke ngati pafunika kalata yachiwiri.

Uthenga unapita Lamulungu madzulo. Timizere tiwiri tija tinasanduka ta buluu usiku womwewo, kusonyeza kuti wawerenga, koma yankho kunalibe. Lolemba zii. Alamu anayamba kutukutira kuti mwaona, anthu awa amamva chipongwe basi, tiimbe foni. Ndinati dikirani, tsiku tinapereka ndi Loweruka, ndipo munthu amene wapereka tsiku n'kumaimbanso m'mawa ndi madzulo amaoneka kuti tsiku lakelo salikhulupirira. Lachitatu yankho linabwera, lalifupi. Anati wamva, tibwere nayo mnyamata adzaimata ndi guluu wamphamvu, ndipo adzatipatsa botolo la mankhwala laulere.

Apa ndi pamene ambiri timagwera, chifukwa munthu wayankha mwaulemu, waperekanso kenakake, ndiye kukana kumaoneka ngati mwano. Akazi awo a alamu anati tilandire. Koma thanki ya pampu imapindika ukaibereka yodzaza, malita 16 ndi makilo 16 akukankha pamsoko womwewo, ndipo guluu pa pulasitiki yoterera ngati imeneyo sakhalitsa. Ikadzayambanso kudontha mu Disembala adzati tinakukonzerani kale. Ndiye tinayankha motere:

"Zikomo bambo poyankha, ndiponso chifukwa cha mtima wofuna kuthandiza. Koma kumata sindingavomere, chifukwa ndinagula pampu yatsopano, ndipo podonthapo ndi pamsana pamene mankhwala angandilowe m'thupi. Pempho langa likadali lomwe lija, kusintha kapena kubweza K68,000. Ndikufuna nkhaniyi ithere pakati pa inu ndi ine osafika ku CFTC. Tionana Loweruka 2 koloko monga ndinanenera."

Onani kuti sitinabweretse nkhani yatsopano, sitinakweze mawu, tinangobwereza pempho lomwelo ndi tsiku lomwelo. Kulimba pa kalata n'kumeneko, kunena chinthu chimodzimodzi kawiri osachichepetsa. Ndipo bungwe lija tinalitchula kamodzi kokha, m'chiganizo chonena kuti sitikufuna kupitako. Munthu wanzeru amamva. Koma musalitchule ngati simuli okonzeka kupitadi, chifukwa akakuyesani n'kupeza kuti munkangoopseza, kalata yachitatu idzakhala yopanda mano.

Loweruka ndinawaperekeza, osati kukathandiza kulankhula koma kukhala mboni. Ndinawauza kuti tikafika tipereke moni kwa onse, tidikire makasitomala ena athe, ndipo nkhani tikaikambire pambali osati pakauntala anthu akumva. Mwini shopu analipo. Sanaseke nafe, komanso sanakalipe. Anaitembenuza pampu ija, n'kuyendetsa chala pamsoko, n'kuyang'ana pansi pake ngati pali pokalika. Kenaka anauza mnyamata kuti atsitse katoni ina. Za botolo laulere lija sanazitchulenso, ifenso sitinafunse.

Tisanachoke alamu anapempha ndowa ya madzi. Mnyamata anachita ngati akuipidwa, koma anabweretsa. Tinadzaza pampu yatsopanoyo mpaka pamzere wa 16, n'kuiimika pasimenti youma pakhonde kwa mphindi khumi, kenaka alamu anaibereka n'kupopa mpaka mkono unalimba, n'kupopera m'ngalande. Tinayang'ana pamsoko, polumikizira payipi ndi pachogwirira chotsegulira. Ponse panali pouma. Tinapemphanso kuti alembe kuseri kwa lisiti lakale lija kuti pampu yasinthidwa pa 25 Okotobala n'kusainira, kuti iyi nayo ikadzavuta masiku adzawerengedwe kuyambira pamenepo. Analemba.

Ndalama ya kabaza ya maulendo atatu sinabwerere, ndipo mizere iwiri ya matimati yakumunsi kwa dimba kangaude anali ataifooletsa kale moti sinabereke bwino. Tsamba la m'kope lija alamu analipinda n'kuliika m'Baibulo pamodzi ndi lisiti, ndipo sabata yatha mayi wina wa kuseri kwa mtsinje anadzalibwereka, akuti batire la sola limene anagula ku Limbe silikusunga moto ngakhale maola awiri. Ndinamuuza kuti asakopere mawu a pampu, ayambe walemba tsiku limene anagula, maola amene batirelo lakhala padzuwa, ndi mababu angati amene amayatsa, chifukwa wogulitsa mabatire funso lake loyamba lidzakhala lakuti munalumikizako chiyani.